Kodi mgodi ukabwera zitsime ziuma? Kufotokozera anthu a m'mudzi zimene lipoti la zachilengedwe lapeza

Kampani ikafuna kutsegula mgodi, timamva pa nkhani kuti kafukufuku wa zachilengedwe watha ndipo anthu a m'deralo afotokozeredwa. Ntchito yofotokozayo ndi yovuta kuposa mmene imamvekera. Lipoti la kafukufukuyu limakhala la masamba mazanamazana, lodzaza ndi mapu, manambala ndi chiyankhulo cha akatswiri, pomwe msonkhano wa pamudzi umatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri mwa omvera sadzaligwirako lipotilo m'manja. Wofotokozayo, kaya ndi wa boma, wa kampani kapena wa bungwe, ndiye amasankha zimene anthu amve ndi zimene zitsale.

M'lipoti lotere mumakhala nkhani ya fumbi, phokoso, kuphulitsa miyala, minda, manda ndi magalimoto olemera. Pano titenga nkhani imodzi yokha, ya madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, chifukwa imakhudza khomo lililonse ndiponso ndi yovuta kuifotokoza popeza zonse zimachitikira pansi pa nthaka pomwe maso saona.

Lipotili ndi chiyani, nanga analemba ndani?

Pachikuto pake pamalembedwa zilembo zakuti EIA kapena ESIA. Ndi kafukufuku amene amachitika ntchito isanayambe, pofuna kudziwiratu mmene idzakhudzire madzi, nthaka, mpweya, zamoyo ndi anthu, komanso zoyenera kuchita kuti mavutowo apewedwe kapena achepe. Njirayi inayambira ku Amereka ndi lamulo limene aphungu anavomereza mu 1969 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1970. Mu 1985 mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lawo, limene linkafunanso kuti lipoti lizikhala ndi chidule cholembedwa m'mawu oti munthu wamba amve. Pa msonkhano wa mayiko ku Rio de Janeiro mu 1992, mfundo ya 17 inati kafukufukuyu azichitika pa ntchito zimene zingawononge kwambiri chilengedwe, ndipo mfundo ya 10 inati anthu okhudzidwa azipatsidwa uthenga ndi mpata woyankhulapo. Lero mayiko ambiri ali ndi lamulo lotere.

Zinthu ziwiri ziyenera kunenedwa msonkhano ukangoyamba. Choyamba, lipoti si chilolezo. Ndi umboni umene nthambi ya boma imaunika isanavomereze, kukana kapena kuika malamulo oti kampani itsatire. Anthu akaganiza kuti zonse zatha kale sataya nthawi kufunsa. Chachiwiri, kawirikawiri akatswiri olemba lipoti amalembedwa ntchito ndi kulipidwa ndi kampani yomweyo yofuna mgodi. Izi sizikutanthauza kuti zolembedwazo ndi zabodza, koma anthu ali ndi ufulu wodziwa, ndipo akadzazimva kwa wina pambuyo pake adzakayikira ngakhale zoona zimene anauzidwa.

Mmene zinthu zilili mgodi usanayambe

Gawo la lipoti limene ambiri amalidumpha pofotokoza ndi la muyezo woyambira. Akatswiri amayenera kuwerenga zitsime, mijigo ndi akasupe onse, kulemba pamene zili, kuya kwake, pamene madzi amalekezera, ndiponso kuyeza zimene zili m'madzimo. Muyezowu umafunika kuchitika m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, mwachitsanzo mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, chifukwa madzi a pansi amakwera ndi kutsika okha malinga ndi mvula. Amene wayeza m'dzinja mokha amapeza madzi ali pamwamba n'kuganiza kuti zitsime zili ndi madzi ambiri kuposa mmene zimakhalira mvula ili pafupi kuyamba.

Phindu la muyezowu limaoneka patapita zaka. Chitsime chikadzauma, anthu adzati ndi mgodi, kampani idzati ndi chilala, ndipo mkanganowo sungathe popanda manambala a mmene chitsimecho chinalili kale. Pa chifukwa chimenechi wofotokoza abwere ndi mapu aakulu osonyeza zitsime zonse zimene zinalembedwa, azitchule ndi mayina amene anthu amazidziwira, kenako afunse ngati pali chimene chinasiyidwa. Funsoli liponyedwe makamaka kwa amene amatunga madzi tsiku ndi tsiku, pakuti ndi amene amadziwa kasupe amene saphwa ndi chitsime chimene chimayamba kuphwa. Chitsime chimene sichinalembedwe ndi chovuta kuchidandaulira mtsogolo.

Chifukwa chake madzi amatsika

Mgodi wa dzenje ukakumbidwa kupitirira pamene madzi a pansi amalekezera, madzi amalowa m'dzenjemo. Kuti anthu ndi makina agwire ntchito pouma, kampani imapopa madziwo usana ndi usiku. Amene anatungapo madzi pamchenga wa mtsinje wouma amazidziwa izi: wina akakumba dzenje lakuya pafupi ndi lanu n'kumatunga mosalekeza, madzi a m'kadzenje kanu amathawira kwa iye. Mgodi umachita zomwezo pa mtunda waukulu. Pafupi ndi dzenje madzi amatsika kwambiri, kutali amatsika pang'ono, ndipo dera lokhudzidwa limakula chaka ndi chaka pamene dzenje likuzama.

Masamu oyerekezera zimenezi ndi akale. Mu 1856 Henry Darcy wa ku France anafotokoza mmene madzi amayendera mumchenga, ndipo mu 1935 Charles Theis wa ku Amereka anapeza njira yowerengera mmene madzi amatsikira mozungulira mjigo umene ukupopedwa. Masiku ano akatswiri amapopa mijigo yoyesera kwa masiku angapo, kuona mmene madzi akutsikira m'mijigo yoyandikana nayo, n'kuika zotsatirazo mu kompyuta kuti ilosere zaka za mtsogolo.

Apa pali malire ofunika kuwatchula. Mizere yojambulidwa pa mapu a m'lipoti ndi ulosi, si zinthu zoyezedwa. M'miyala yolimba madzi amayenda m'ming'alu, choncho mudzi umene uli pa mng'alu wolunjika ku dzenje ungakhudzidwe kwambiri kuposa wina woyandikira koma wopanda mng'alu. Lipoti labwino limanena kuti madzi angatsike kuyambira apa kufika apa. Wofotokoza amene angotchula nambala imodzi ngati yotsimikizika amakhala walonjeza zimene ngakhale akatswiriwo sanalonjeze.

Chitsanzo ndi manambala ake

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa njira, si a mgodi winawake. Tinene kuti dzenje lidzazama mamita 80 ndipo lidzagwira ntchito zaka 15. M'chilimwe madzi a pansi m'deralo amapezeka pa mamita 8 kuchokera pamwamba. Zitsime zokumba ndi manja zimazama mamita 11, ndiye kuti nthawi yovuta kwambiri pa chaka zimakhala ndi madzi okwana mamita 3. Mijigo imazama mamita 45 ndipo pampu yake imakoka pa mamita 30. Lipoti likuti pofika chaka cha 6 madzi adzatsika ndi mamita 5 pa mtunda wa kilomita imodzi kuchokera ku dzenje, ndi mamita 2 pa makilomita 2, ndipo kupitirira makilomita 3 adzatsika osakwana mita imodzi.

Kungowerengera anthu manambala amenewa sikuthandiza. Chofunika ndi kuwaika pa chitsime chenicheni. Pa kilomita imodzi madzi achoka pa mamita 8 kufika pa mamita 13, pomwe chitsime chimathera pa mamita 11, ndiye kuti chiumiratu. Pa makilomita 2 madzi afika pa mamita 10, m'chitsime mutsala mita imodzi yokha. Sichiuma, koma chizitha msanga, anthu azidikira kuti madzi abwerere, ndipo azituluka amatope. Mijigo m'malo onse awiri ipitiriza kutulutsa madzi chifukwa pampu ili pansi kwambiri. Dambo limene limakhala lachinyezi chifukwa madzi ali pafupi ndi nthaka likhoza kuuma ngakhale madzi atangotsika ndi mita imodzi, ndipo dimba lililonse la kumeneko lidzakhudzidwa.

Tsopano uthenga wasanduka woti munthu aupenyere pakhomo pake: midzi iyi zitsime ziuma, midzi iyi zichepa madzi, mijigo itsala, ndipo zidzayamba kuoneka pang'onopang'ono chaka cha 6 chisanafike.

"Vuto lapakatikati" kwa ndani?

Pafupifupi lipoti lililonse lili ndi tebulo loika mavuto m'magulu, lalikulu, lapakatikati kapena laling'ono, nthawi zambiri ndi mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira. Matebulo otere anafala kuchokera mu 1971, pamene Luna Leopold ndi anzake ku Amereka anakonza lawo lolumikiza ntchito iliyonse ndi chinthu chimene ingakhudze. Akatswiri amaona kukula kwa vuto, dera limene lidzafike, nthawi imene lidzakhale, mwayi woti lichitike, ndiponso ngati lingabwezeretsedwe. Akaphatikiza zonsezi amapereka gulu.

Gululo ndi chiganizo cha katswiri ngakhale limaoneka ngati masamu. Kuuma kwa zitsime za midzi iwiri kungalembedwe kuti ndi kwapakatikati chifukwa dera ndi laling'ono poyerekeza ndi chigawo chonse. Kwa banja la m'mudzimo chitsime chouma ndi vuto lathunthu. Onse awiri akunena zoona, akungosiyana poimirira. Maganizo anga ndi akuti tebuloli lisakhale mutu wa msonkhano wa pamudzi. Anthu auzidwe kaye chimene chidzachitike, kenako gulu limene akatswiri anapereka ndi chifukwa chake, kuti ngati sakugwirizana nalo anene ndipo zilembedwe.

Palinso chobisika china m'tebulo lomweli. Vuto lililonse limapatsidwa magulu awiri: lina njira zochepetsera zisanachitike, lina zitachitika. Wofotokoza akangowerenga lachiwiri, lakuti "laling'ono", anthu amamva kuti palibe chodetsa nkhawa, chonsecho gululo laima pa chiyembekezo chakuti kampani idzachita zonse zimene yalemba, pa nthawi yake, ndipo zidzagwira ntchito.

Njira zochepetsera mavuto ndi ndondomeko yake

Njirazi zili ndi ndondomeko yodziwika imene inalembedwa m'malamulo a ku Amereka mu 1978, ndipo ikupezekanso m'mfundo za IFC, nthambi ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse yokongoza makampani ndalama, zimene zinatuluka mu 2006 n'kukonzedwanso mu 2012. Poyamba yesani kupewa vutolo. Zikakanika lichepetseni. Chimene chawonongeka chibwezeretseni. Chotsala chimene simungachibwezeretse muchilipire. Pa nkhani ya madzi, kupewa kungakhale kusuntha malire a dzenje kuti lisafike pa kasupe. Kuchepetsa kungakhale kutseka ming'alu ndi simenti kapena kubwezera pansi madzi opopedwa pakati pa dzenje ndi mudzi. Kukumba mijigo yatsopano ndi kupereka chipukutamisozi zili kumapeto kwa ndondomeko. Anthu ali ndi chifukwa chofunsira kuti njira zoyambirirazo zinayesedwa bwanji, osangolandira zomalizazo.

Lipoti la m'chitsanzo chathu likuti kampani idzapereka madzi ena kwa okhudzidwa. Chiganizo chotere n'chosakwanira kupita nacho pamsonkhano. Wofotokoza afufuze mu gawo la dongosolo la kasamalidwe ka chilengedwe, limene limakhala chakumapeto kwa lipoti, kuti apeze wochita ntchitoyo, tsiku lake, ndalama zake ndi woyang'anira. Ayesenso ngati lonjezolo likukwana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati malita 20 pa munthu pa tsiku ndi mlingo wongoyambira. Mudzi wa anthu 600 ukufuna malita 12,000 pa tsiku. Mjigo wopopa ndi manja umatulutsa malita pafupifupi 1,000 pa ola ngati ukupopedwa mosalekeza. Ndiye kuti mjigo umodzi uyenera kupopedwa maola 12 osapuma kuti anthu angopeza madzi akumwa, ophikira ndi osambira pang'ono, osawerengera ziweto ndi madimba. Ngati dongosolo likunena za mjigo umodzi m'mudzi wotere, silikukwana, ndipo ndi bwino zidziwike mgodi usanayambe.

Nthawi nayo ndi yofunika. Mjigo wokumbidwa chitsime chisanaume ndi wosiyana kwambiri ndi wokumbidwa anthu atadandaula kwa miyezi. Uyeneranso kuzama kupitirira pamene madzi adzafike atatsikiratu, ndipo madzi ake ayezedwe asanamwedwe, chifukwa madzi akuya m'madera a miyala ya mtengo wapatali nthawi zina amakhala ndi poizoni wachilengedwe monga aseniki. WHO imati aseniki asapitirire mamaikirogalamu 10 pa lita imodzi, ndipo poizoniyu saoneka, sanunkha, samveka pakamwa.

Mmene mawu ake angamvekere

Zonsezi zikhoza kunenedwa mwachidule chonchi:

"Amayi ndi abambo, kampani ikakumba dzenje izipopa madzi a pansi, ndipo madzi a m'zitsime zanu atsika. Akatswiri akuyerekeza kuti m'midzi iwiri iyi imene ndakuonetsani pa mapu zitsime zokumba ndi manja zidzauma pofika chaka cha 6, mwinanso chisanafike. M'midzi iyi madzi adzachepa koma sadzatha. Mijigo ikuyembekezeka kugwirabe ntchito. Uku ndi kuyerekeza, zikhoza kuposa apa kapena kucheperapo. Kampani yalemba kuti idzakumba mijigo yatsopano isanayambe kupopa, ndipo idzaikonza ikawonongeka mpaka mgodi utatsekedwa. Pa nkhani ya dambo ndi madimba, lipoti likuvomereza kuti mbali ina idzauma ndipo njira yobwezeretsa palibe, chimene chaikidwa ndi chipukutamisozi. Boma silinavomereze mgodiwu. Zimene munene lero zilembedwa, tikuwerengerani tisanachoke, ndipo zipita kwa ounika lipoti."

Mawu amenewa sakuopseza ndiponso sakunyengerera. Atchula vuto lotsala, lomwe ndi dambo, limene lidzakhalepo ngakhale kampani itachita zonse bwino. Gawo limeneli ndi limene ofotokoza amazengereza kulinena chifukwa limakwiyitsa anthu, koma ndi limene anthu akufunika kulidziwa kuti aganize bwino. Akatha kuyankhula, wofotokoza apemphe anthu angapo abwereze m'mawu awo zimene amva. Ngati akuti "ati madzi sasintha" kapena "ati tonse tisamuka", uthenga sunafike ndipo uyenera kubwerezedwa. Kusafunsa mafunso si umboni woti anthu amva, ndipo kusaina pa pepala la obwera kumsonkhano si kuvomereza mgodi. Izi zinenedwe poyera pepalalo lisanayambe kuyenda. Kumene amayi kapena achinyamata sayankhula momasuka pamaso pa akuluakulu, kukumana nawo paokha kumatulutsa zimene msonkhano waukulu sungatulutse.

Tidzadziwa bwanji kuti ndi mgodi?

Kuyang'anira ndi kumene kumayesa ulosi. Pakati pa dzenje ndi midzi pamakumbidwa mijigo yongoyezera, ndipo wina umakumbidwa kutali kumene mgodi sungafikeko. Madzi akatsika mofanana m'mijigo yonse, kuphatikizapo wakutaliwo, chochititsa ndi mvula yochepa. Akatsika kwambiri pafupi ndi dzenje, pang'ono chapatali, wakutaliwo osasintha, chochititsa ndi mgodi. Dongosolo labwino limaikiratu mlingo wochenjeza, mwachitsanzo madzi akatsika ndi mita imodzi kupitirira pamene anatsikirapo pa muyezo woyambira, kampani iyambe kuchitapo kanthu osadikira dandaulo. Anthu a m'mudzi akhoza kuyeza zitsime zawo mwezi uliwonse ndi chingwe cholembedwa mamita, m'mawa anthu asanatunge, n'kumalemba m'buku lawo. Auzidwenso kokadandaula, masiku oyembekezera yankho, ndi kopita ngati yankho silikubwera.

Mafunso amene akadali poyera

Mgodi ukatsekedwa mapampu amazimitsidwa ndipo madzi amayamba kubwerera, koma zimatenga zaka, nthawi zina makumi a zaka. Dzenje limasanduka nyanja yaing'ono, ndipo kumalo otentha madzi otha ndi dzuwa pamenepo angachititse kuti madzi a pansi asabwerere pamene anali. Ngati miyala ya pamalopo ili ndi salufa, ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi amene amasungunula zitsulo, ndipo izi zimapitirira mgodi utatsekedwa kalekale. Ndani adzakonze mijigo ndi kuyeza madzi nthawi imeneyo? Mayiko ambiri amalamula kampani kusungitsa ndalama zotsekera mgodi, koma anthu amatsutsanabe ngati ndalamazo zimakwana, makamaka kampani ikagulitsidwa kapena ikagwa.

Funso lina ndi la wofotokoza mwiniyo. Wa kampani amalidziwa bwino lipoti koma ali ndi mbali. Wa boma ndi amene adzapereke chigamulo, komanso boma limayembekezera misonkho ya mgodiwo. Wa bungwe akhoza kukhala ndi maganizo ake kale. Ena amati midzi izipatsidwa katswiri wake wodziimira payekha, koma za womulipira ndi womusankha sizinagwirizanike.

Palinso kusiyana pakati pa kufunsidwa maganizo ndi kupempha chilolezo. Chikalata cha bungwe la United Nations cha 2007 chokhudza ufulu wa mitundu ya anthu eni nthaka chimanena za kuvomereza mwaufulu, ntchito isanayambe, anthu atauzidwa zonse. Malamulo a mayiko ambiri amangofuna kuti anthu afunsidwe, chigamulo n'kukhala cha boma. Ena amati miyala ndi chuma cha dziko lonse ndipo mudzi umodzi sungaimitse ntchito yopindulira onse. Ena amati amene ataye chitsime ndi dimba ndi amene ayenera kukhala ndi mawu omaliza. Ndipo ngati ulosi wa madzi udzapezeke wolakwika mgodi uli kale pakati, kodi chilolezo chiunikidwenso, kapena anthu angolandira chipukutamisozi chowonjezera?